Wonga wakuda ndi wonga wopanda utsi: mfuti iliyonse ili ndi wake

Gogodela imatha kuphulikira m'manja mwa mwini wake ikadyetsedwa wonga wosakhala wake. Munthu wasowa wonga wakuda, watsegula katiriji ya mfuti ya 12, mfuti yoponya timipira tambiri nthawi imodzi, wakhuthulira zam'katimo mu gogodela, poganiza kuti wonga ndi wonga basi. Maso amanamiza pamenepa, chifukwa wonga wopanda utsi nawonso umaoneka wotuwa kapena wakuda ndithu, popeza kufakitale amaukuta ndi girafaiti. Kusiyana kwenikweni kuli pa kapsedwe.

Wonga wakuda ndi zinthu zitatu zosakaniza: makala, sulufule ndi mchere wa potaziyamu naitireti, umene umakhala pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndipo ndi umene umapereka okosijeni. Suchedwa kugwira moto. Kakathethe kamodzi n'kokwana. Ukayaka pamtetete umapsa wonse kamodzi, phuu, ndi utsi woyera wonunkha ngati dzira lowola. Ukautsekera mu mpope wa mfuti, liwiro la kapsedwe kake limakwera, koma osati kwambiri. Khalidwe limeneli ndi limene limauchititsa kukhala woyenera mfuti za chitsulo chofewa cha kale. Chimene chimasintha liwiro lake makamaka ndi kukula kwa timibulu. Pa chitini mumapeza Fg, FFg, FFFg kapena FFFFg: ma F akamachuluka, timibulu timachepa, malo ogwira moto amachuluka, wonga umapsa msanga. Fg ndi wa mipope ikuluikulu, FFFg ndi wa ing'onoing'ono, ndipo FFFFg ndi wongoyatsira pa mfuti zakale zoyatsa ndi mwala.

Wonga wopanda utsi ndi wina kotheratu. Maziko ake ndi naitiroselulozi, ndipo mitundu ina amawonjezera naitirogiliserini. Anayamba kuupanga bwino ndi Paul Vieille ku France mu 1884, ndipo mfuti ya Lebel ya 1886 ndiyo inayamba kuugwiritsa ntchito kunkhondo. Pamtetete umangoyaka lawi lachikasu, mosathamanga, moti wosadziwa amauyesa wofooka. Koma ukatsekeredwa, mpweya wotentha ukayamba kupanikizana, kapsedwe kake kamafulumira; kufulumirako kumatulutsa mpweya wina wambiri, umene umawonjezera kupanikizana, ndipo kapsedwe kamafulumiranso. Zonsezi zimachitika chipolopolo chisanayende n'komwe mtunda wa chala. Mu mfuti yomangidwira wonga umenewu, chitsulo chimapirira ndipo chipolopolo chimachoka pa nthawi yake. Mu gogodela, mphamvuyo imapeza pofooka: chitsekero cha kumbuyo kwa mpope, kapena kabowo koyatsira moto, ndipo zonse ziwirizi zimayang'ana kumaso kwa wowombayo.

Mfuti ziwiri za asilikali a ku Britain zimaonetsa bwino nkhaniyi. Martini-Henry ya m'ma 1870 inkadya wonga wakuda pafupifupi magalamu 5.5 kuti iponye chipolopolo cha mtovu cha magalamu 31 pa liwiro la mamita pafupifupi 410 pa sekondi. Katiriji ya .303 ya mtundu wa Mark VII, imene asilikali a King's African Rifles anagwiritsa ntchito, inali ndi wonga wopanda utsi wotchedwa kodaiti pafupifupi magalamu 2.4 okha, ndipo chipolopolo chake cha magalamu 11 chinkatuluka pa mamita pafupifupi 740 pa sekondi. Wonga wosakwana theka, liwiro lotsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo mphamvu ya chipolopolo chaching'onocho ikuposabe ya chachikulu chija. Mtengo wake ndi kupanikizana: malire a .303 ndi mabaa 3,650, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabaa awiri okha kapena kuposerapo pang'ono. N'chifukwa chake mfuti za wonga wakuda zimakhala za pakamwa papakulu ndi chipolopolo cholemera. Popeza liwiro silingakwere kwambiri, mphamvu imachokera ku kulemera. Ndipo kusinthako sikunali kwaulere. .303 inayamba ndi wonga wakuda. Atasamukira ku kodaiti, kutentha kwake kunkadya mizere ya mkati mwa mpope wa mfuti ya Lee-Metford, mpaka mu 1895 anabwera ndi Lee-Enfield ya mizere yakuya.

Ngakhale pakati pa wonga wopanda utsi wokhawokha simusinthanitsa. Wa mu katiriji ya 12 ndi wa mapisitolo ndi timapepala topyapyala topsa msanga, pamene wa mfuti zazitali za chipolopolo chimodzi ndi timitengo tonenepa topsa pang'onopang'ono, kuti tizikankha chipolopolo mpaka kumapeto kwa mpope. Ndiye kuti wa mu katiriji ya 12 uja uli m'gulu lothamanga kwambiri, loipitsitsa kuika mu gogodela. Palibe muyeso wochepa umene tinganene kuti ndi wotetezeka. Wonga wakuda amauyeza ndi kachibekete, ndipo kuphonya pang'ono sikusintha zambiri. Wopanda utsi umayezedwa pa sikelo, ndipo kachigawo ka galamu kamasintha zonse.

Pa dothi lotsala mu mpope, wonga wakuda ndiye woluza. Kuposa theka la zimene umasiya ukapsa si mpweya ayi, koma utsi ndi mwaye wolimba. Mukawombera kangapo, chipolopolo chimayamba kulimba potsindira. Apa pali ngozi yachiwiri: chipolopolo chikaima panjira osafika pa wonga, mpata wotsalawo ungathe kutupitsa kapena kung'amba mpope. Odziwa amalemba mzere pa ndodo yotsindira, kuti aone ngati zonse zakhala pansi, ndiponso ngati mulibe kale wonga wina m'katimo. Mwaye womwewo ndi umene umalepheretsa wonga wakuda kuyendetsa mfuti zodzilowetsera zokha chipolopolo, chifukwa umatseka tinjira ta mpweya.

Mwayewo umayamwanso chinyezi, ndipo kuno ku Mulanje ndi Thyolo, chiperoni chikagwa masiku angapo, mpope wosatsukidwa umagwira dzimbiri usiku umodzi. Mafuta okha sachotsa mchere umene uli mu mwaye umenewu. Pamafunika madzi otentha ndi sopo pang'ono tsiku lomwelo, kupukuta mpaka kansalu katuluke koyera, kuumitsa, kenako mafuta. Wonga wakudawo ukanyowa suyaka bwino: mumamva kachipewa koyatsira kalira koma mfuti yakhala chete. Musayang'ane m'kamwa mwake. Ilozeni kopanda anthu kwa mphindi yathunthu, chifukwa moto ungakhale ukunyeka mkati.

Wopanda utsi suopa chinyezi chotere, koma umakalamba, makamaka pamalo otentha. Ukayamba kununkha mowawasa ngati asidi, kapena mukaona fumbi lofiirira ndi dzimbiri m'chitini, waonongeka ndipo ungathe kuyaka wokha. Wakuda ukasungidwa pouma umakhala zaka zambirimbiri uli ndi mphamvu, choncho gogodela ya agogo yopezeka padenga muziiyesa yodzaza mpaka ndodo itatsimikiza.

Palinso mfuti za mipope iwiri zakale zimene zinatsala m'mabanja ena kuchokera nthawi ya azungu a m'minda ya tiyi. Katiriji ya lero imalowa bwinobwino, koma kulowa si chilolezo. Chotsani mipope muyang'ane kunsi kwake, pafupi ndi polowera katiriji. Ya ku Britain yoyesedwa ndi wonga wopanda utsi imakhala ndi chidindo cha `NP`, `BNP` kapena mawu akuti `NITRO PROOF`. Ngati chidindocho palibe, kapena chitsulo chili ndi mizere yopotana yosonyeza kuti mpope anachita kupota ndi kuwotcherera, musaikemo katiriji ya masiku ano. Mfuti yotero, limodzi ndi chiphaso chake cha kupolisi, ipite kaye kwa mmisiri wodziwa mfuti akaione.