Odita Wamkati, Odita Wakunja ndi Aphungu: Ndani Angagwire Vaucha Yabodza?

Tiyerekeze kuti pa ofesi ina ya boma kuno ku Mzuzu alipira malita 200 a dizilo pa ulendo wa ku Karonga umene sunachitike.

Odita wamkati, wofufuza m'mabuku a ndalama amene ali pamalopo chaka chonse, angazindikire sabata yomweyo poyerekeza vaucha, risiti ndi buku la maulendo a galimoto. Vuto lake ndi lakuti lipoti amalipereka kwa akuluakulu a ofesi, ndipo ngati amene anasaina vauchayo ndi bwana wake, lipotilo lingathe kugona m'kabati. Ichi chimandidetsa nkhawa kwambiri.

Odita wakunja amachokera ku ofesi ya mkulu wofufuza chuma cha boma, yokhazikitsidwa ndi gawo 184 la malamulo aakulu a dziko. Saopa bwanayo, chifukwa lipoti lake limapita ku Nyumba ya Malamulo, koma amabwera chaka cha chuma chitatha pa 31 Malichi, ndipo amangotapako mavaucha ena, osati onse.

Aphungu safufuza marisiti. Komiti yawo yoona za chuma cha boma imaitana mkulu woyang'anira ndalama za unduna wa ofesiyo kuti ayankhe pa lipoti la odita wakunja lija. Imapereka malangizo, koma kumanga munthu ndi ntchito ya apolisi kapena bungwe lothana ndi katangale.

Wofuna kutseka mpata msanga apite kwa odita wamkati. Wofuna umboni wosakondera adikire wakunja. Wofuna kuti wina ayankhe pagulu alembere phungu wake.