Ndemanga: kabolodi kophunzirira koyilo ndi kapasita zoyendera limodzi, nyenyezi zinayi

Kabolodi aka ndinakaitanitsa ku Lusaka kuti anyamata amene ndimawaphunzitsa kukonza mawailesi kuno ku Kapata aziona ndi maso momwe wailesi imasankhira siteshoni imodzi n'kusiya zina. Pali koyilo ya 680 µH, kapasita ya 180 pF yomwe mbali ina imachunika ndi kasikuludiraiva, komanso timabowo tolowetsapo rezisita. Koyilo ndi kapasita azilumikiza pambalipambali, miyendo yake kukumana pa nsonga ziwiri zomwezo.

Kusankha kwawo zipangizo ndakukonda. Mukawerengera ndi `f0 = 1/(2π√(LC))` mumapeza 455 kHz, filikwense yapakati yomwe mawailesi ambiri a AM amagwiritsa ntchito, ndiye mwana akuphunzira chinthu chimene adzachipeza akatsegula wailesi ya kasitomala. Pa filikwense imeneyi koyilo ndi kapasita zimangopatsirana mphamvu, magetsi ochokera kunja amalowa ochepa kwambiri, ndipo voteji pa nsonga ziwiri zija imakwera kufika pachimake. Kuwotcherera kwake n'koyera, mulibe waya wogwedera.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kabuku kamene kanabwera m'bokosi. Kakuti Q, nambala yosonyeza kunoleka kwa seketi posankha filikwense imodzi, ndi `XL/R`, pomwe `XL` ndi momwe koyilo imakanizira magetsi pa filikwense imeneyo ndipo `R` ndi rezisita. Zimenezo n'zoona rezisita ikakhala pamzere umodzi ndi koyilo, koma pa bolodi ili rezisita imalowa pambali, ndipo pamenepo zinthu zimatembenuka: `Q = R/XL`. Rezisita ikachepa, Q imatsika. Wophunzira wokhulupirira kabukuko adzayembekezera kuti rezisita yaing'ono inola seketi, pamene ikuibunthitsa. Zandiwawa ndithu, chifukwa phunziro lonse lagona pomwepa.

Kabukuko sikachenjezanso za zida zoyezera. Jenereta ya siginolo ili ndi 50 Ω mkati mwake. Mukailumikiza mwachindunji, 50 Ω ija imakhala pambali pa koyilo, ndipo mudzazunguliza batani mpaka dzuwa kulowa osaona chimake chilichonse. Ine ndimadutsitsa siginolo pa rezisita ya 1 MΩ. Pulobu ya osilosikopu nayo ili ndi zake. Ikakhala pa 1X imaonjezera pafupifupi 100 pF, ndipo chimake chimathawira cha ku 365 kHz. Mnyamata wina ataona zimenezi anati, "Abwana, atigulitsa koyilo yabodza." Koyilo inalibe mlandu. Titaika pa 10X, yomwe imaonjezera cha m'ma 15 pF, chimake chinafika pa 437 kHz, kenako tinachepetsa kapasita pang'ono mpaka kubwerera pa 455.

Tsopano kuyeza kwenikweni. Pachimake tinakonza jenereta kuti osilosikopu ionetse 1 V. Tinatsitsa filikwense pang'onopang'ono mpaka voteji inagwera pa 0.707 V, pomwe mphamvu yatsala theka, ndipo apo panali pa 452.2 kHz. Titakweza mbali inayo, inagweranso pa 457.8 kHz. Mpata wa pakati pa ziwirizi, 5.6 kHz, ndiwo bandiwidifi. Kugawa 455 ndi 5.6 kukupereka Q ya 81.

Pa bokosi analemba kuti Q ya koyilo ndi 100, ndiye wina anganene kuti anama. Sananame. Pa 455 kHz, `XL` ya koyiloyi ndi pafupifupi 1,944 Ω, kotero Q ya 100 ikufanana ndi rezisita ya 194 kΩ yokhala pambali. Muikepo 1 MΩ ya jenereta ija ndi 10 MΩ ya pulobu, zonse pambali, mutsala ndi 160 kΩ. Gawani ndi 1,944 mupeza 82. Kuchokera pa 100 kufika pamenepo, zida zathu zomwe ndizo zinadya, ndipo kusiyana kwa 81 ndi 82 n'kwa maso powerenga sikirini. Apa ndi pomwe ndinakhulupirira kuti koyilo yake ndi yabwino.

Titalowetsa rezisita ya 47 kΩ m'timabowo tija, chimake sichinasunthe pa 455, koma chinafupika n'kutambasuka. Q inagwera cha pa 19, bandiwidifi n'kufika 24 kHz. Masiteshoni a AM kuno ku Africa amatalikirana ndi 9 kHz, choncho seketi yotere imalola oyandikana nawo kulowerera, monga zimamvekera usiku mawu awiri akamapikisana m'sipika. Komanso Q yokwera mopitirira si yabwino nthawi zonse, chifukwa mpata ukapanikizika kwambiri mawu okwera amadulidwa, nyimbo n'kumamveka ngati yotsekeredwa.

Amene muli ndi jenereta ndi osilosikopu, kaguleni, koma mukonze fomula ija ndi cholembera musanapatse wophunzira kabukuko. Ngati muli ndi mita wamba yokha, dikirani kaye, chifukwa mamita ambiri otere sawerenga bwino voteji ya 455 kHz.