Gadi ya kanema: imagwiradi ntchito, koma mphezi simbali yake

Gadi iyi ndinaigula m'sitolo ina ya zamagetsi ku Limbe mvula isanayambe, ndipo ndadutsa nayo dzinja lonse kuno kwathu pafupi ndi Chitakale. Ndi kabokosi kolowetsa pa soketi ya pakhoma, ka mano atatu, kokhala ndi kagalasi koonetsa mphamvu ya magetsi. Papepala lake analemba kuti imadula magetsi akapyola 260V kapena akatsika kupyola 185V. Paja magetsi athu kuno ku Malawi amayenera kukhala 230V.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi kudikira kwake. Magetsi akathima n'kubweranso, siilola kuti alowe pompo. Imayatsa kanyali kachikasu, n'kudikira pafupifupi theka la mphindi, kenako mumamva kuti tha, kobiriwira kayaka. Imeneyi ndiyo nthawi yoopsa, chifukwa magetsi akamabwera amakonda kuphethira, kuyaka, kuthima, kuyakanso, ndipo chimene chimavutika ndi bodi ya mphamvu ya m'kati mwa kanema. Usiku wina mababu anawala mwachilendo, kagalasi kanaonetsa 278, gadi inadula nthawi yomweyo. M'mawa mwake aneba awiri anali ndi machaja opserera. Amisiri anapeza kuti waya wa nyutilo unamasuka polowera m'nyumba za mdadada wathu, ndipo zikatero magetsi amakwera kwina n'kutsika kwina. Mukaona babu lina likuwala kwambiri pomwe lina likuzilala, zimitsani pa meni switchi.

Gadi yangayi ndi ya 5A, kutanthauza kuti imanyamula mawati oposa 1,000 pang'ono. Kanema wa mainchesi 32, dikoda ndi timasipika, zonse pamodzi zimadya mawati pafupifupi 100, ndiye malo alipo ambiri. Koma ayironi kapena ketulo musayerekeze kulumikizapo.

Chodandaulitsa ndi madzulo. Anthu akayamba kuphika, kapena chigayo chikalizidwa, magetsi kwathu amagwera cha m'ma 180, gadi n'kumangodula. Dikoda imayambanso kusaka matchanelo, mpira uli m'kati. Chonsecho kuseri kwa kanema wanga kunalembedwa 100-240V, kusonyeza kuti iye payekha akanatha kugwirabe ntchito pa 180. Makanema ambiri a masiku ano saopa kwenikweni magetsi ochepa, amaopa okwera ndi ophethira. Choncho amene simunagule, funani gadi yokhala ndi timabatani tosinthira malire, kuti a m'munsiwo muwatsitseko. Yangayi ilibe, ndipo apa ndi pamene ndaichotsera malikisi.

Achimwene anga anandibwereka sitabilaiza ya 500VA kuti ndiyese. Iyi ntchito yake ndi ina: ili ndi thiransifoma m'kati, ndipo magetsi akatsika imawakweza, akakwera imawatsitsa, kuti otuluka akhale cha m'ma 220. Ndinalumikiza motere: sitabilaiza pakhoma, gadi pa sitabilaiza, kanema ndi dikoda pa gadi. Kudula kwa madzulo kunatheratu. Mukaika gadi kukhoma, idzadulabe sitabilaiza isanakweze kanthu. Koma sitabilaizayo imalira kuti khe, khe ikamasintha, imafunda, ndipo imadya mayunitsi ngakhale kanema ali wozimitsa. Ngati kagalasi kanu kamakhala pakati pa 210 ndi 240 nthawi zambiri, sungani ndalama zanu, gadi yokha ikukwanirani.

Za ekisitenshoni zija amati zimateteza, chenjerani nazo. Zenizeni zimakhala ndi kachipangizo kamene kamameza magetsi obwera mwadzidzidzi, ndipo kamatha mphamvu pang'onopang'ono. Kakafa, masoketi amapitiriza kupereka moto ngati kale, kanema ali pambalambanda. Pa zabwino pamakhala kanyali kosonyeza chitetezo, ndiye kakazima, gulani ina. Komanso kuti ziteteze mokwanira zimafuna waya wa ethi, uja wopita pansi, ndipo nyumba zina za lendi dzino lachitatu la soketi silinalumikizidwe kulikonse. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito ayeze.

Tsono nkhani ya mphezi, imene ife a m'munsi mwa phiri la Mulanje timaidziwa bwino kuyambira Novembala. Wogulitsa akakuuzani kuti gadi imaletsa mphezi, musamumvere. Gadi imayang'anira khomo limodzi lokha, la soketi. Mphezi ikagwa pafupi imathanso kudzera pa chingwe cha dishi kapena cha eriyo, kulowa mu dikoda, n'kuwolokera mu kanema kudzera pa chingwe cha HDMI. Chizindikiro chake, kanema amayaka bwinobwino koma polowetsa HDMI pafa, chithunzi cha dikoda sichibwera. Ine mabingu akangoyamba kumveka kuphiri, ndimazula pulagi pakhoma ndi kumasula chingwe cha dishi kuseri kwa dikoda, mvula isanafike pamudzi. Kuzimitsa ndi limoti kapena pa switchi ya soketi sikokwanira.

Pa malikisi asanu ndikuipatsa anayi, ndipo ikadzatha ndidzagula yosintha malire.