Khofi wa ku Misuku ndi wabwino, koma wokazinga wanu akumupsereza

Ndinagula mapaketi atatu aja a khofi wa ku Misuku pashopu yanu ya ku Lilongwe: wokazinga pang'ono, wapakatikati ndi wakuda. Mtengo munakweza uja sindinadandaule nawo. Chandikwiyitsa ndi paketi ya wapakatikati.

Nditaitsegula ndinapeza njere zakuda bii, zonyezimira mafuta, fungo lake la utsi. Ameneyo si wapakatikati. Khofi akamakazingidwa amathetheka koyamba kutentha kukafika cha m'ma 196°C, ndipo amathethekanso kachiwiri cha m'ma 224°C. Wapakatikati amaphulidwa asanathetheke kachiwiri, njere zikadali zofiirira komanso zouma kunja. Mafuta akatuluka chonchi ndiye kuti moto unapitirira. Ndinabwerera nayo paketiyo, koma mnyamata wapakauntala osayang'ana n'komwe mkati. Anangoti, "Bambo, khofi wamphamvu amakhala wakuda." Achimwene, kuwawa si mphamvu ayi. Anakana kundisinthira, ati paketi ndi yotsegula kale. Nanga ndikanaona bwanji njere osatsegula?

Chimene chimatayika ndi ichi. Khofi wa kumapiri ngati ameneyu ali ndi kuwawasa kwake kokoma, kokhala ngati kwa nachesi wakupsa. Kuwawasako kumachokera ku asidi amene ali m'njere, ndipo moto ukamapitirira amatha pang'onopang'ono, m'malo mwake n'kubwera kuwawa kokakamira kukhosi. Pakatikati m'pamene zinthu zimakumana bwino: shuga wa m'njere wapsa mokwanira, kuwawasa kwachepa koma sikunathe, khofi wayamba kulemera m'kamwa. Ndinalipirira zimenezo, koma m'kapu munali kukoma kwa makala basi. Ngakhale kulemera kuja kunalibe, chifukwa khofi akapserera kwambiri amayambanso kupepuka. Paketi ya wakuda ndi ya wapakatikati sizinasiyane m'pang'ono pomwe.

Komabe wokazinga pang'ono uja wandibweza mtima. Njere zake ndi zolimba, motero ndinazipera mosalala ndi kuthira madzi amene angophulidwa kumene, cha m'ma 95°C. Madzi akazizirirapo, khofi wotere amatuluka wowawasa mopweteka mano. Apa anatuluka wopepuka, wonunkhira zipatso, wosawawa, moti sindinathire shuga. Alimi a ku Chitipa ntchito yawo anaigwira.

Wakudayo sindinamutaye. Ndikumapera mokhakhala, madzi ndikuwasiya azizire kaye kufika cha m'ma 88°C, chifukwa njere zopsa kwambiri zimatulutsa kuwawa msanga. Ndi mkaka akumweka ndithu, mayi a kunyumba akumukonda. Kungoti afunika kutha msanga, poti mafuta ali kunjawo sachedwa kusasa.

Nyenyezi zitatu. Wokazinga pang'ono ndidzagulanso. Wapakatikati ndidzagula pokhapokha mutandionetsa njere ndisanalipire, ndipo mnyamata uja mumulangize.