Ndemanga: lumo lachitsulo la lezala limodzi, kwa a ndevu zopotana ometa m'mawa uliwonse

Lumoli ndaligwiritsa ntchito miyezi itatu, m'mawa uliwonse, ndipo ndikulipatsa nyenyezi 4 pa 5. Ndi lija la chigwiriro chachitsulo, lomwe mumamasula mutu wake n'kuikamo lezala wamba lakuthwa uku ndi uku. Lili ndi zigawo zitatu: chigwiriro, kachitsulo kapansi komwe kamatchinga khungu, ndi kachivindikiro komwe kamapanikiza lezala kuti lipindike pang'ono. Pa ndevu zopotana limachepetsadi tiziphuphu ta pakhosi, koma pokhapokha dzanja litasiya zizolowezi zomwe linatengera ku malumo a malezala atatu kapena asanu. Mukalimetera ngati mmene mumametera ndi amenewo, lidzakuchekani ndipo ziphuphu zidzakhalapobe.

Kuti mumvetse chomwe lumoli limathandiza, yambani mwaona mmene kachiphuphu kamayambira. Ndevu yopotana imamera kuchokera m'kabowo kokhota, choncho imatuluka pakhungu itapendekeka kale. Lezala likaidula, nsonga yake imatsala yosongoka ngati munga. Kenako pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Mwina ndevuyo imatuluka bwinobwino, n'kukula mamilimita ochepa, n'kupindika kubwerera kukalasa khungu pambali pomwepo. Mwina idadulidwira pansi kwambiri moti inabwerera m'kati mwa kabowo kake, ndiye pokula imaboola khoma la kabowoko isanaone n'kunja komwe. Thupi limaiona ngati chitsotso, limatupa, nthawi zina n'kuchita mafinya. Si matenda opatsirana ayi, ndipo si uve.

Kumeta tsiku ndi tsiku kumatseka njira yoyamba ija, chifukwa ndevu imakula mosakwana theka la milimita pa tsiku, ndiye sipeza mpata wotalika mpaka kupindikira m'khungu. Vuto la ometa m'mawa uliwonse limatsala pa njira yachiwiri, ndipo apa ndi pomwe lumo la lezala limodzi limapambanira. Pa lumo la malezala ambiri, lezala loyamba limakoka ndevu kuitulutsako pang'ono, otsatira n'kuidula isanabwerere. Ikabwerera, nsonga ili kunsi kwa khungu. Kusalala komwe anthu amakutamanda pa malumo amenewo ndi komwe kumabala ziphuphu kwa munthu wa ndevu zopotana. Lezala limodzi silikoka n'kudula motero. Limadula ndevu molingana ndi khungu, basi.

Ndiye dziwiranitu: ndi lumoli simudzasalala ngati galasi. Mukasisita mobwerera m'mwamba mudzamva kukhakhala pang'ono, ndipo kukhakhalako musakuthamangitse. Ndiko kukusonyeza kuti nsonga zili kunja, komwe sizingalase.

Chinthu choyamba chimachitika lumo lisanafike pankhope. Lekani kumeta masiku awiri kapena atatu, kenako yendetsani chala pamasaya, pachibwano ndi pakhosi. Komwe chala chikutsetsereka mosavuta ndi komwe ndevu zagonera; komwe chikukodwa ndi kotsutsana nazo. Pamasaya nthawi zambiri zimaloza pansi. Pakhosi ndi nkhani ina. Kunsi kwa nsagwada zimatha kuloza chakukhutu, m'munsi mwa khosi zimatha kuloza m'mwamba, ndipo m'mbali mwa kholingo zimazungulira ngati kamvuluvulu. Anthu ambiri amene amanena kuti amameta motsata ndevu amangotsitsa lumo kuchokera pamwamba mpaka pansi, osadziwa kuti theka la khosi akulimeta motsutsa. Ziphuphu zikamandandana pamzere umodzi m'munsi mwa khosi, kawirikawiri ndi pomwe ndevu zimatembenukira. Jambulani nkhope papepala, ikani timivi, mumate pafupi ndi galasi mpaka dzanja lizolowere.

Titenge khosi lotereli: kumanzere ndevu zaloza pansi mpaka zala ziwiri kunsi kwa nsagwada, kuchokera apo zaloza m'mwamba, ndipo pamzere wokumanirawo pali tiziphuphu tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Mmawa umayenda chonchi. Sambani nkhope ndi madzi ofunda, kenako gwirizani thaulo lofunda lonyowa pandevu mphindi zitatu. Ndevu youma ndi yolimba, lezala limaikoka lisanaidule; ikamwa madzi imafewa n'kuduka msanga. Mphindi zitatuzo ziwerengeni ndithu, chifukwa kungowaza madzi kamodzi sikufewetsa kanthu. Pakani kirimu wometera wochuluka ngati nsonga ya chala chachikulu, mozungulirazungulira ndi burashi kapena zala, kuti ndevu zogona zidzuke. Thovu likhale lonyowa ndi loterera. Likayamba kuuma n'kumasweka pankhope, onjezani madontho a madzi.

Tsopano lumo. Ikani mutu wake pakhungu chigwiriro chitaloza kunja, kenako tsitsani chigwirirocho pang'onopang'ono mpaka mumve lezala layamba kugwira ndevu. Pamenepo lezala lapendekeka madigiri pafupifupi 30, ndipo mumamva kaphokoso kouma, kakuti tsetsetse. Mukatsitsa kwambiri chigwiriro, lezala limapala khungu m'malo modula, ndipo mudzadziwa ndi kuwawa kotentha mukangotsuka. Musakanikize. Lumo lachitsulo ndi lolemera kale, kulemera kwakeko n'kokwanira; gwirani chigwiriro ndi zala zitatu, mopepuka. Kokani masentimita awiri kapena atatu, nyamulani, pitani pena. Mukakoka kawiri katatu, tembenuzani kumbali ina ya lezala kapena tsukani, kuti thovu ndi tindevu zisatseke mpata wa pakati pa lezala ndi kachitsulo kotchinga.

Pakhosi lathu lija, gawo lapamwamba mumatsitsa mpaka pafupi ndi mzere, n'kuima. Gawo lapansi mumayambira m'munsi kukwera, n'kuimanso pafupi ndi mzere. Tiziphuphu tomwe tilipo kale tizungulireni, lezala lisatikwere, chifukwa likadula mitu yake pamatsala tizilonda tomwe timasiya mawanga akuda. Ndipo musakoke khungu ndi dzanja linalo, kapena kukweza chibwano mpaka khosi kuti nga. Khungu lokokedwa limatulutsa ndevu, lezala n'kuidula, mukasiya imalowa m'kati. Mwachita ndi dzanja zomwe malezala asanu aja amachita. Chibwano chikwezeni pang'ono chabe, mongokwanira kuti makwinya athe.

Dutsani kamodzi kokha. Ichi ndicho chovuta kwambiri kwa oyamba kumene, chifukwa diso limaona kamalo kotsalira ndipo dzanja limafuna kubwererapo. Ngati patsaladi poonekera, pakaninso thovu n'kudutsanso kamodzi, motsatabe ndevu. Pakhungu lopanda thovu lezala lisafikepo. Mawa mumetanso, ndiye zotsala lero sizipita patali.

Mukatha, tsukani ndi madzi ozizira, pukutani mogunditsa thaulo osati mokhula, n'kupaka mafuta opepuka opanda spiriti ndi fungo lamphamvu. Mankhwala opaka mukameta aja oluma amaumitsa khungu, ndipo khungu louma limatseka kabowo ndi mamba ake, ndevu n'kusowa potulukira. Ngati ziphuphu zikubwerabe, mankhwala opaka okhala ndi asidi wa salisiliki wa 2 peresenti amathandiza kuchotsa mambawo. Apakeni usiku, osati mutangometa, ndipo yambani kawiri kapena katatu pa sabata. Khungu likayamba kusendeka kapena kutentha, mwapyola muyezo, chepetsani.

Ndevu yomwe yapindika n'kulowa m'khungu imaoneka ngati kachingwe kakuda kokhota pamwamba pa chiphuphu. Imeneyo mutha kuimasula: tsukani singano yoonda ndi spiriti, lowetsani nsonga pansi pa kachingweko, kwezani mpaka mutu wa ndevu utuluke, n'kuisiya pomwepo. Musaizule. Yozulidwa imameranso kuchokera pansi, m'kabowo kotupa kale, ndipo mpata woti iboole khoma ndi waukulu kuposa poyamba. Ngati ndevuyo sikuoneka, musakumbe khungu poifuna. Thaulo lofunda m'mawa ndi madzulo limaitulutsa pakapita masiku.

Malezala ndi pomwe ambiri amalakwitsa pofuna kusunga. Pa ndevu zokhuthala, lezala limodzi limatha kumeta bwino katatu mpaka kasanu. Chizindikiro cha kubuntha si dzimbiri ayi, koma kukoka: mumamva ndevu iliyonse ikudzulidwa isanaduke, kaphokoso kaja kasintha, ndipo mumapezeka mwayamba kukanikiza osadziwa. Lisinthenitu tsiku lomwelo. Mukatha kumeta masulani chigwiriro pang'ono, tsukani, sansani madzi, lumo liume pamalo opita mphepo. Pomanga lezala latsopano yang'anani mutu kuchokera pamwamba, muone ngati latulukira mofanana mbali zonse ziwiri. Pa lomwe ndili nalo lezala limatha kusuntha pang'ono musanamange zolimba, mbali imodzi n'kutulukira kwambiri, ndipo mbali imeneyo imacheka. N'chifukwa chimodzi chomwe ndachotsera nyenyezi. China n'chakuti chigwiriro chake ndi chosalala, chimaterera m'dzanja la thovu. Ngati muli ndi mwayi wosankha, tengani la chigwiriro chokhakhala. Mutu wakenso ndi wonenepa, kunsi kwa mphuno umafika movutikira.

Pali anthu omwe lumoli silingawathandize pakali pano. Ngati khosi lonse ladzaza ziphuphu zotupa, lezala lililonse lingowonjezera moto. Lekani kumeta ndi lezala kwa milungu inayi kapena kuposerapo. Ndevu zikatalika, zambiri zomwe zinalasa khungu zimasolokamo zokha. Ngati ntchito sikukulolani kusunga ndevu, m'nthawi imeneyo gwiritsani makina ometera okhala ndi kachipeso kosiya milimita imodzi, ndipo muzitsata ndevu momwemo. Khungu likapola ndiye yesani lumoli, masabata awiri oyamba muzidumphitsa tsiku limodzi. Kusintha sikuoneka pa masiku atatu: ziphuphu zatsopano zimayamba kuchepa pakatha masabata angapo, pomwe mawanga akuda omwe zakale zinasiya amatenga miyezi kuti azilale. Kwa ena, ngakhale atatsata zonsezi, khungu limakanabe lezala, ndipo makina aja ndiwo amakhala njira yawo ya tsiku ndi tsiku.

Ziphuphu zina si za kumeta kokha. Zikakhala ndi mafinya ambiri ndi nkhanambo zachikasu n'kumafalikira ngakhale komwe simumeta, mwina mwalowa tizilombo. Pakaoneka chigamba chozungulira, choyabwa, ndevu n'kumathothoka zokha, zikhoza kukhala mafangasi. Ndipo chiphuphu chikauma gwa n'kumakula kupyola pomwe chinayambira, chikusanduka chipsera chotupa chomwe sichitha chokha. Zitatuzi zimafuna dokotala wa khungu, ndipo kufikira atakuonani lumo likhale kaye pambali.