Babu wakale, babu wa LED kapena nyali ya sola: chimadya ndalama ndi chiti pa zaka zisanu?

Mlamu wanga amakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, kuno ku Joni, ndipo ali ndi kamita kakekake komwe analumikiza a landilodi. Tsiku lina anandidandaulira kuti mayunitsi akumuthera msanga, chonsecho alibe filiji ndipo amaphikira gasi. Nditakweza maso ndinaona babu wakale uja, wa kawaya kofiira m'kati, wolembedwa 60W. Ndinati, "Alamu, wakuba wanu ndi uyu ali kudengayu." Iwo anati akufuna angogula nyali ya sola basi, athane nazo za magetsi. Tinakhala pansi n'kuwerengera, ndipo masamuwo anatipatsa yankho lina.

Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Mtengo wake umasiyana: wogula mwachindunji kwa City Power kapena Eskom amalipira mosiyana ndi wodalira kamita ka landilodi, komwe nthawi zambiri amaikapo kenakake pamwamba. Ife tinatenga R3.50 pa yunitsi. Inu muikepo yanu. Ingogawani ndalama yomwe mwalipira ndi mayunitsi omwe alowa. Tinanenanso kuti babu amayaka maola asanu tsiku lililonse, kuphatikizapo m'mamawa pokonzekera kukakwera takisi. Pa chaka ndi maola 1,825.

Babu wa 60W pa maola asanu amadya mayunitsi 0.3. Zikuoneka zochepa, koma pa chaka ndi mayunitsi pafupifupi 110, yomwe ndi R383. Mphamvu yambiri ya babu ameneyu imathera kutentha, kuwala n'kochepa chabe, n'chifukwa chake simungamugwire akangothima. Moyo wakenso ndi waufupi, maola ngati 1,000, kutanthauza kuti pa zaka zisanu mugula mababu asanu ndi anayi. Pa R15 aliyense ndi R135. Mukaphatikiza ndi magetsi a zaka zisanuzo, pafupifupi R1,915, mwadutsa R2,000 pa babu mmodzi wa chipinda chimodzi.

Babu wa LED wa 9W amawala mofanana ndi wa 60W uja. Umboni wake uli pa katoni: pezani nambala yotsatana ndi zilembo za lm, yomwe imanena kuchuluka kwa kuwala. Onse awiri amakhala cha m'ma 800 lm. Pa chaka wa LED amadya mayunitsi 16 ndi kakang'ono, pafupifupi R57, ndipo pa zaka zisanu ndi R287. Mukamugula R40, zonse pamodzi ndi R327. Usiku uliwonse mukupulumutsa masenti pafupifupi 90, ndiye R40 ija yabwerera pakatha mwezi ndi theka.

Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa ambiri aife tinagulapo LED yomwe inafa chaka chisanathe, pomwe katoni inalonjeza maola 15,000 kapena kuposa. Chimafa nthawi zambiri si timagetsi towalato ayi, koma kabolodi kakang'ono ka kutsinde kwa babu, komwe kamasintha mphamvu ya 230V kuti ikhale yoyenera timagetsito. Kabolodi kameneka kali ndi adani awiri, ndipo onse ali pano pa Joni. Woyamba ndi kutentha: babu wotsekeredwa m'chigalasi chosalowa mphepo, kapena wolendewera pafupi ndi malata opanda siling'i mu Okutobala, amapsa pang'onopang'ono. Wachiwiri ndi mphamvu yobwera mwadzidzidzi, magetsi akamabwerera atathima kapena mphenzi za dzinja zikamagunda masana. Babu akayamba kuphethiraphethira, kuchedwa kuyaka kapena kuwala mozilala, dziwani kuti kabolodi kali kumapeto. Ine magetsi akathima ndimathimitsa maswichi onse, n'kuyatsa patapita mphindi zingapo atabwerera. Komabe ngakhale LED itakuferani kawiri pa zaka zisanu n'kugula mababu atatu, ndalama yonse ndi R407, kutali kwambiri ndi R2,000.

Pogula yang'anani tsinde. B22 ndi wa tizikhomo tiwiri wokankha n'kupotoza, E27 ndi wa mazinga. Kubweza babu pa shopu ya pakona ndi nkhani yovuta.

Tsono nyali ya sola yomwe alamu ankaifuna. Anaona ya R450 m'tauni, yokhala ndi kapanelo kake ndi polumikizira foni. Dzuwa ndi laulere, n'zoona, koma m'nyalimo muli batire, ndipo batire ili ndi chiwerengero cha maulendo omwe ingadzaze n'kutha. Ya lifiyamu wamba imayamba kufooka ikazungulira maulendo mazana angapo; ngati mukuigwiritsa ntchito usiku uliwonse, ndiye kuti zaka ziwiri kapena zitatu. Mudzazindikira chifukwa nyali yomwe inkafika pakati pa usiku idzayamba kuthima mukudya nsima. Nyali zambiri zotchipa batire yake simungaisinthe mosavuta, ndiye mumagula ina. Ziwiri pa zaka zisanu ndi R900. Nyali yomwe batire yake ndi ya mtundu wolembedwa LiFePO4 imapirira maulendo ochuluka kwambiri ndipo ingathe kufika zaka zisanuzo yokha, koma ngakhale apo R450 yaposabe R327 ya LED. Kuwalanso sikufanana: nyali zambiri za kukula kumeneku zimapereka 100 lm kapena 200 lm, kokwanira patebulo, osati chipinda chonse.

Ndiye kwa munthu amene ali ndi magetsi, kugula sola kuti apulumutse mayunitsi a kuwala n'kuthamangitsa R57 ya pa chaka ndi R450. Mdani weniweni wa nyali ya sola ndi kandulo. Taganizani za m'bale wathu wokhala m'mkuku ku Diepsloot kapena ku Zandspruit, mbali yomwe kulibe magetsi. Makandulo awiri usiku uliwonse pa R5 imodzi ndi R10, pa chaka R3,650. Nyali ya R450 yabweza ndalama yake m'masiku 45, yatchajanso foni, ndipo mwana akaigunda palibe chogwira moto. M'mikuku yothithikana, ya matabwa ndi mapulasitiki, ichi kwa ine chikuposa masamu onse. N'chimodzimodzi kwa okhala kumadera komwe magetsi amathima masiku angapo mawaya akabedwa, kapena amene akukumbukira kuthimathima kwa 2023.

Sola ilinso ndi vuto lake kwa ife a m'mafulati a ku Hillbrow ndi Yeoville: dzuwa mulipeza kuti? Kuno kapanelo kamafuna kuyang'ana kumpoto, makamaka mu Juni ndi Julayi pomwe dzuwa limadutsa motsika. Mwayi wake miyezi imeneyi kuthambo kumakhala koyera, koma fumbi limachuluka, ndiye kapanelo kamafuna kupukuta. Windo loyang'ana kumwera silidzadza batire, ndipo kusiya nyali panja uli kuntchito n'kupatsa ena mphatso. Ndi bwino kugula yomwe panelo yake ili ndi chingwe chachitali, nyali n'kumakhala m'nyumba, komanso yotheka kutchaja ndi USB.

Pali ena omwe magetsi ali kale m'kati mwa lendi, salipira payunitsi. Kwa iwo phindu la mayunitsi limapita kwa landilodi, koma R40 ya babu mmodzi ikuchepabe poyerekeza ndi R135 ya mababu asanu ndi anayi.

Alamu anagula LED ya 9W ya B22 tsiku lomwelo, ndipo tinachotsa chigalasi chomwe chinkavindikira babu kuti mphepo izipita. Nyali ya sola anaigula patatha miyezi iwiri, yaing'ono, ndipo imakhala pawindo kudikira tsiku lomwe magetsi athima.