Kungosiya basi, chingamu kapena chigamba: sabata yoyamba yopanda fodya

Chisiyireni fodya, anzanga a pabawo kuno ku Mufakose mu Harare akhala akundifunsa kuti ndinadutsa bwanji masiku oyambirira aja. Ndatopa nako kuyankha mmodzimmodzi. Ndinayesa njira zitatu m'zaka zosiyana, ndipo ziwiri zinandigwetsa sabata isanathe. Ndinkasuta ndudu 15 patsiku, yoyamba ndisanasukusule n'komwe.

Thupi limachita zofanana kaya mwasankha njira iti, kusiyana kwake ndi kukula kwa ululu basi. Nikotini sakhalitsa m'magazi. Pakangopita maola awiri, theka lake limakhala latha, ndiye mukasuta ndudu yomaliza usiku, chibaba chimakupezani tsiku lotsatiralo dzuwa lisanalowe. Pofika tsiku lachiwiri ndi lachitatu m'pamene zimafika pachimake: mtima wapachala, tulo tosagwira, mutu wosakhazikika pa ntchito, njala yosamva nsima, ena kudzimbidwa. Zikatero zimayamba kuzilala pang'onopang'ono kwa masabata awiri mpaka anayi. Chibaba chenichenicho sichikhala tsiku lonse. Chimabwera n'kupita, ndipo nthawi zambiri chimatha m'mphindi zochepa ngati simunachidyetse.

Ulendo woyamba ndinangosiya basi, zachimuna. Ubwino wake ndi umodzi, sutulutsa ngakhale senti. Lolemba ndinapirira, Lachiwiri ndinakalipira mwana chifukwa chotafuna mokweza, amayi akunyumba n'kunena kuti, "Abambo, ngati n'choncho kasuteni, nyumba ino tipume." Lachitatu madzulo ndili pamzere wa kombi pa renki ya Copacabana, mnyamata wogulitsa ndudu imodziimodzi anali pomwepo pambali panga. Sindinaganize n'komwe. Ndinazindikira utsi uli kale m'mphuno. Alipo amene njira imeneyi inawayendera, ndipo ndimawapatsa ulemu, koma ngati mumasuta mukangodzuka ngati mmene ndinkachitira ine, mukulimbana ndi tsiku lachitatu manjamanja.

Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo ndi nkhani ya tiyi. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa kafeini mofulumira. Mukasiya, chiwindi chimabwerera pa liwiro lake, ndiye makapu anayi omwe aja amagunda ngati mwamwa ochuluka kuposa pamenepo. Kunjenjemera ndi kusagona kumene ndinkanamizira chibaba, mbali ina kunali tiyi wanga yemwe. Chepetsani ndi theka sabata imeneyo, ndipo dzuwa likapendeka musamwenso.

Tsopano chingamu cha nikotini, chimene ndili nacho chifukwa mpaka lero. Ndinalowa m'famase ina m'tauni, ndinapatsidwa kabokosi ka zidutswa 30 za 2 mg, ndinalipira madola anga, osauzidwa kanthu. Pepala la m'katimo, zilembo zake ngati nyerere, sindinawerenge. Pamenepo cholakwa n'changa, ndikuvomera, koma munthu wogulitsa mankhwala akanatha kunena mawu awiri.

Ndinachitafuna ngati chingamu cha ana, mofulumira, n'kumameza malovu. Posakhalitsa pakhosi panayamba kuyabwa, chilungulira, nseru, koma chibaba chili pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti nikotini wa m'chingamu amayenera kulowera m'khungu la m'kamwa. Wopita m'mimba amangovutitsa mimbayo, ndipo wambiri amawonongedwa ndi chiwindi asanafike kumene akufunika. Katafunidwe kake n'kena: mumatafuna pang'onopang'ono mpaka mumve kuyabwa ngati tsabola, n'kuchiika pakati pa tsaya ndi nkhama, kuyabwako kukatha n'kutafunanso. Chidutswa chimodzi chimatenga pafupifupi mphindi 30. Komanso khofi, zakumwa za malalanje ndi zoziziritsa kukhosi zimawawasitsa m'kamwa, nikotini n'kulephera kulowa, choncho pamafunika mphindi 15 musanatafune osamwa zimenezi. Ine ndinkatsitsira ndi chakumwa cha malalanje kuti ndichotse kuwawa. Ndalama ndinkazimeza ndekha.

Mlingo nawo unali wolakwika. Malangizo ambiri amati wosuta pasanathe mphindi 30 chidzukireni ayambe ndi 4 mg, osati 2 mg. Ndipo apa m'pamene pali mtengo wobisika. Masabata oyambirira umafunika chidutswa pa ola lililonse kapena maola awiri, zosachepera 9 patsiku, osadikira kuti chibaba chikugwire kaye. Werengani nokha: 9 kuchulukitsa ndi masiku 7 ndi zidutswa 63. Kabokosi ka 30 kamatha m'mawa wa tsiku lachinayi, thupi likadali pamoto. Ine nditaona kuti kakutha ndinayamba kuumira, zitatu patsiku, ndipo Lachisanu ndinali nditabwerera kwa mnyamata wa pa renki uja. Amene ali ndi mano oikirira asavutike n'komwe, chimamatirira.

Chachitatu chinali chigamba cha nikotini chomata pakhungu. Wosuta ndudu zoposa 10 patsiku amayamba ndi cha 21 mg cha maola 24, kwa masabata 6, kenako 14 mg masabata awiri, n'kumaliza ndi 7 mg masabata awiri. Ziliponso za maola 16 zokhala ndi milingo ina, choncho onani pabokosi. Mumamata m'mawa pakhungu louma, lopanda cheya, lopanda mafuta odzola, kumtunda kwa mkono kapena pachifuwa, n'kukanikiza ndi chikhatho kwa kanthawi. Tsiku lililonse malo ena, apo ayi pamafiira n'kuyabwa. Ine ndinasiya mu Okutobala, mwezi umene Harare amatentha ngati ng'anjo, ndipo tsiku lachiwiri thukuta linachimatula m'kombi osadziwa. Kuyambira pamenepo ndinkamata ndikasamba n'kuuma bwinobwino, n'kuwonjezera pulasitala m'mbali.

Chigamba chinachotsa ukali uja. Tsiku lachitatu linadutsa popanda kukalipira munthu, ngakhale mutu unali wolemera. Zovuta zake ndi ziwiri. Maloto ake ndi oopsa, moti usiku wina ndinalota ndikuthamangitsidwa ndi gule kuchokera ku Mbare Musika mpaka kunyumba. Mukachimatula pogona malotowo amachepa, koma m'mawa mumadzuka ndi chibaba, chifukwa chatsopano chimatenga maola kuti chigwire. Chachiwiri, chimapereka nikotini mofanana tsiku lonse, ndiye chibaba chadzidzidzi, cha ukangotha kudya kapena cha pa renki, sichimachimva.

Apa ndiye ndinabwerera kwa mdani wanga. Mlongo wanga, amene ndi namwino, anandiuza kuti, "Achimwene, ziwirizi zimayendera limodzi, chigamba chigwire tsiku, chingamu chigwire mphindi zoipazo." Zinandiwawa kuvomera, koma anali kunena zoona, ndipo kuphatikiza kotereku kumadziwika kuti kumathandiza kuposa chimodzi chokha. Ndi chigamba pamkono, zidutswa zinayi kapena zisanu za 2 mg patsiku zinkandikwanira, kabokosi kamodzi n'kutsala pang'ono kumaliza sabata. Ndinasinthanso pokwerera kombi kuti ndisamadutse pa mnyamata uja, ndinkayenda ndi mtedza wokazinga m'thumba, ndipo mowa sindinaukhudze. Kudzimbidwa kunatha ndi madzi ambiri, masamba ndi kuyenda pansi.

Kwa wosuta ngati ine, chigamba n'choyamba, chingamu n'chothandizira chabe, ndipo pachokha sindingachigulenso. Gulani za sabata yonse tsiku losiya lisanafike. Amene ali oyembekezera, odwala mtima, kapena akumwa mankhwala a shuga, a mphumu monga theophylline, kapena a matenda a maganizo monga clozapine ndi olanzapine, ayambe aonana ndi dokotala, chifukwa kusiya fodya kumasintha mphamvu ya mankhwala amenewa m'magazi. Ndipo zonsezi ndi za fodya yekha. Munthu womwa mowa wambiri tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa n'kukomoka ngati wakhunyu, ndiye ameneyo asatengere zanga, apite kuchipatala.